Simenti ikasintha, ndowa zisinthenso

Pa pepala la injiniya panalembedwa kuti silabu ya nyumba yosanja ithiridwe ndi simenti ya 42.5N, koma lole yochokera ku hadiweya yatsitsa matumba olembedwa 32.5N. Ya 42.5 inatha dzulo, ndipo mwini nyumba sakudandaula konse poti iyi ndi yotsikirako mtengo. Folomani akunyamula thumba limodzi, akuligwedeza, nkunena kuti, "Simenti ndi simenti, bwana. Kulemera kwake ndi komweku, makilogalamu 50. Anyamata, thirani monga mwa nthawi zonse." Anyamata akuyamba kutunga mchenga ndi kwale ndi ndowa zomwe zija, madzi omwe aja.

Zotere zimachitika kawirikawiri pamalo omanga, ndipo tsiku lothiralo palibe chimene chimaoneka cholakwika. Konkire ya simenti ziwirizi imafanana mtundu, imayenda mofanana pa fosholo, ndipo m'mawa mwake yonse imakhala itagwira. Kusiyana kwake kumakhala mkati. Ngati muyezo unakonzedwera 42.5 koma mwathiramo 32.5 osasintha kalikonse, konkireyo ikhoza kutaya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu imene injiniya amayembekezera. Pa khonde kapena pansi pa khola la nkhuku zimenezi sizingagonetse munthu ndi nkhawa. Pa silabu imene pansi pake padzagona anthu ndi nkhani ina.

Nambala ya pa thumbayo imachokera ku labotale. Amatenga magalamu 450 a simenti, magalamu 1,350 a mchenga wapadera woyesera ndi magalamu 225 a madzi, nkuumba timitanda ta mamilimita 40 m'lifupi, 40 msinkhu ndi 160 m'litali. Timitandato amatisunga m'madzi, ndipo pakatha masiku 28 amatiphwanya ndi makina. Simenti yolembedwa 32.5 ndi imene kamtanda kake kamapirira mphamvu yosachepera 32.5 MPa, ndipo ya 42.5 ndi imene kamtanda kake kamapirira yosachepera 42.5 MPa. MPa ndi muyezo wa kupanikiza: 1 MPa ndi ngati kusenzetsa makilogalamu 10 pa kamalo kotalika sentimita imodzi mbali zonse. Chilembo chotsatira chimanena za changu. N ndi simenti yolimba pa liwiro la masiku onse, R ndi yolimba msanga m'masiku oyambirira. Ya 42.5R imayenera kufika 20 MPa pa masiku awiri okha, ya 42.5N imayenera kufika 10, pomwe ya 32.5N sayiyesa nkomwe pa masiku awiri, amayembekeza tsiku la 7 kuti ifike 16.

Kusiyanaku kumabwera makamaka chifukwa cha zimene zili m'thumbamo. Mtima wa simenti ndi kilinka, miyala ya laimu yosakaniza ndi dongo yowotchedwa m'ng'anjo nkuperedwa. Simenti ya 32.5 kawirikawiri imakhala ndi kilinka wocheperapo, ndipo malo otsalawo amadzazidwa ndi laimu wopera, phulusa la malasha kapena dothi la mapiri ophulika. Sikuti ndi simenti yachinyengo ayi. Inapangidwa dala choncho, ili ndi ntchito zimene imaposa inzake, ndipo imatha kupanga konkire yolimba bwino lomwe. Chofunika ndi kuipatsa muyezo wake.

Chinthu china chimene chimasokoneza anthu ndi chakuti 42.5 ya pa thumba si mphamvu ya konkire yanu. Ndi mphamvu ya kamtanda ka mu labotale kaja. Ndi thumba lomwelo mukhoza kupanga konkire ya 15 MPa kapena ya 40 MPa, malinga ndi madzi amene mwathira.

Madzi ndiwo amalamula

Mu 1918 katswiri wa ku America, Duff Abrams, anasindikiza zotsatira za kuyesa konkire yambirimbiri, ndipo mfundo yake ikugwirabe ntchito mpaka lero. Konkire ikatsenderedwa bwino, mphamvu yake imadalira kuchuluka kwa madzi poyerekeza ndi simenti. Simenti imamwa madzi ochepa chabe kuti ilimbe, pafupifupi kotala la kulemera kwake. Madzi ena onsewo timathira kuti konkire iyende, ilowe m'makona ndi pakati pa zitsulo. Madzi otsalawo akauma amasiya timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo timabowo tikachuluka konkire imafooka komanso imalola chinyezi kufika pa zitsulo.

Amisiri amawerengera zimenezi pogawa malita a madzi ndi makilogalamu a simenti. Malita 30 pa thumba la makilogalamu 50 ndi 0.6. Malita 25 pa thumba ndi 0.5. Nambalayi ikamatsika, konkire ikulimba. Simenti yamphamvu imapirira madzi ochulukirapo, yofookerapo imafuna ochepa kuti ifike pamalo omwewo. Choncho funso loyamba simenti ikasintha lisakhale lakuti "tionjezere matumba angati?" koma lakuti "thumba ili lingasenze madzi angati?" Matumbawo adziwerengera okha pambuyo pake.

Titenge silabu yeniyeni: mamita 8 m'litali, mamita 5 m'lifupi, kukhuthala masentimita 15. Kuchulukitsa 8 ndi 5 ndi 0.15 kukutipatsa makiyubiki mita 6. Injiniya akufuna konkire ya 25 MPa, ndipo popeza pamalo omanga zinthu sizifanana mtanda ndi mtanda, timalinga cha pa 30 kuti ngakhale mtanda wofooka usatsike kwambiri. Kwale ndi wa mamilimita 20, mchenga ndi wa kumtsinje. Manambala amene akutsatirawa ndi poyambira pabwino pa zipangizo zotere, ndipo mchenga wa kwanuko ukhoza kuwasuntha pang'ono.

Kuti kiyubiki mita imodzi ya konkire yotere ifewe mokwanira kuthira ndi manja, imafuna madzi okwana malita 210 kapena kufupi ndi pamenepo. Chiwerengero chimenechi chimadalira kukula kwa kwale ndi mtundu wa mchenga, osati nambala ya pa thumba, ndiye sichisintha kwenikweni simenti ikasintha. Ndi simenti ya 42.5N, mphamvu tikufunayi imapezeka cha pa 0.6. Tikagawa 210 ndi 0.6 tikupeza makilogalamu 350, omwe ndi matumba 7. Ndi ya 32.5N tiyenera kutsika kufika cha pa 0.5, ndipo 210 kugawa ndi 0.5 ndi makilogalamu 420, kutanthauza matumba 8.4. Pa silabu yonse, 42.5N ikufuna matumba 42 pomwe 32.5N ikufuna matumba 51. Lole ija inatsitsa 42, ndiye kuti matumba 9 akusowa, tisanawerengere n'komwe zotayikira pansi ndi zotsalira mu wilibala, zimene munthu wanzeru amazionjezera magawo 5 mpaka 10 pa 100 aliwonse.

Apa ambiri amaimira pomwepa: agula matumba owonjezera, basi. Koma kiyubiki mita imakhala malita 1,000, sikula. Mukaonjezeramo chinthu china, china chiyenera kutuluka, ndipo chotulukacho ndi mchenga.

Tione mmene malita 1,000 aja amagawikira pa muyezo woyamba. Lita imodzi ya simenti yopanda mpweya pakati imalemera pafupifupi makilogalamu 3.1, choncho makilogalamu 350 amatenga malita 113. Madzi akutenga 210. Mpweya umene umatsalira ngakhale mutatsendera bwino timaupatsa malita 20. Kwale wokwana makilogalamu 1,050 akutenga malita 389. Otsala ndi malita 268, ndipo awa ndi a mchenga, pafupifupi makilogalamu 710. Tikasamukira ku 32.5N, yomwe imapepukirapo pang'ono chifukwa cha zosakaniza zija, makilogalamu 420 akutenga malita 140. Madzi, mpweya ndi kwale zili pomwepo. Mchenga watsala ndi malita 241 okha, pafupifupi makilogalamu 640. Simenti yakwera ndi makilogalamu 70, mchenga watsika ndi makilogalamu 70.

Chifukwa chochotsera mchenga m'malo mwa kwale ndi chakuti simenti ndi mchenga zonse ndi zosalala, zimagwira ntchito imodzi yodzaza mipata ya pakati pa miyala. Mukaonjezera simenti nkusiya mchenga wonse, zosalala zimachuluka, konkire imamata pa fosholo, anyamata amayamba kupempha madzi, ndipo madzi aja akalowa phindu la matumba owonjezera lija lapita. Konkire ya phala lambiri imafotanso kwambiri ikamauma, ndipo ming'alu imayambira pomwepo.

Pamalo omanga palibe amene amayeza makilogalamu 640 pa sikelo, ndiye tiwasandutse ndowa za malita 20 pa thumba lililonse. Ndi 42.5N, thumba limodzi limayenda ndi ndowa zitatu ndi theka za mchenga, ndowa zisanu za kwale ndi malita 30 a madzi. Ndi 32.5N, thumba limodzi limayenda ndi ndowa ziwiri ndi theka za mchenga, ndowa zinayi za kwale ndi malita 25 a madzi. Kwale pa kiyubiki mita sanasinthe, koma pa thumba watsika chifukwa tsopano akugawidwa pa matumba ochuluka. Uthenga wa kwa anyamata ndi wachidule: chotsani ndowa imodzi ya mchenga, ndowa imodzi ya kwale ndi malita asanu a madzi pa thumba lililonse. Ndowazo zidzadze mofanana ndipo zisalazidwe pamwamba ndi thabwa. Muyezo wa mafosholo ine sindiukhulupirira, chifukwa fosholo ya 7 koloko m'mawa ndi ya 3 koloko masana sizinyamula mofanana.

Pali madzi ena amene amalowa mosaitanidwa. Malita 25 aja ndi madzi onse, kuphatikizapo amene ali kale mumchenga. Mchenga wongovuulidwa kumtsinje kapena wovumbwidwa ndi mvula usiku umasunga madzi okwana magawo 5 pa 100 a kulemera kwake mosavuta. Ndowa ziwiri ndi theka zimalemera pafupifupi makilogalamu 76, ndiye muli kale malita anayi. Mukathira malita 25 pamwamba pake mwafika 29, ndipo mwabwerera kufupi ndi 0.6 mutagula matumba a 0.5. Finyani mchenga m'manja: ukaumbika nkusiya chinyezi pachikhatho, yambani ndi malita 21. Mchenga wonyowa umafufumanso, nthawi zina ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, moti ndowa yooneka yodzadza imakhala ndi mchenga wochepa, ndipo mumayenera kuonjezerako pang'ono kuti mubwezere.

Kumbali ya ndalama, masamu ake ndi osavuta. Matumba 8.4 kugawa ndi 7 ndi 1.2. Ndiye kuti pa K1,000 iliyonse ya mtengo wa 32.5, mukhoza kulipira mpaka K1,200 pa 42.5 osaluza kanthu pa ntchito ya silabu. Ngati kusiyana kwa mitengo kuli kochepera pamenepo, thumba lodulalo ndilo lotchipa, ndipo muli ndi matumba ochepa oti munyamule ndi kusunga.

Ulendo wobwerera uli ndi malire

Munthu akamva zimenezi amaganiza kuti akapeza simenti yamphamvu kwambiri azingochepetsa matumba mpaka kalekale. Sizitero. Ngati muyezo unali wa 32.5 ndipo mwapeza 42.5, mukhoza kutsika kuchoka pa makilogalamu 420 kufika pa 350 nkubwezera mchenga uja. Koma mukapeza 52.5, masamu a mphamvu angakuuzeni kuti 0.7 ikukwana, ndipo apa muyenera kuwakana. Konkire ya m'silabu ili ndi ntchito ziwiri, kusenza katundu ndi kutchinga zitsulo kuti zisachite dzimbiri. Ntchito yachiwiriyi imafuna phala lothinana. Ndi chifukwa chake malamulo a zomangamanga amaika malire pa konkire yokhala ndi zitsulo imene imakumana ndi chinyezi: simenti isachepere makilogalamu 280 mpaka 300 pa kiyubiki mita, ndipo madzi asapitirire 0.6, pena 0.5 pamalo onyowa ndi kuuma mobwerezabwereza. Konkire yoperewera simenti imadziwika msanga. Imakhala yokhakhala, miyala imathawa phala, ndipo madzi amayandama pamwamba mukangosalaza.

Pa daka womangira njerwa ndi pa pulasitala, simenti yamphamvu si mwayi wochulutsa mchenga. Daka amafuna kufewa ndi kusunga madzi kuti njerwa isamuyamwe msanga, ndipo zimenezi zimachokera ku kuchuluka kwa zosalala. Mukathira mawilibala owonjezera poti thumba ndi la 42.5, daka amayoyoka pa chipande ndipo pulasitala amafumbutuka mukapaka dzanja. Mukasiya muyezo wakale, pulasitala amalimba mopitirira khoma limene wamatapo ndipo amang'aluka timizere tambirimbiri. Pa ntchito izi 32.5N ndiyo ili pakwawo. Palinso simenti yopangidwira kumangira ndi kupaka basi, imene pa thumba imalembedwa MC ndi nambala ngati 12.5 kapena 22.5X. Imeneyi isalowe mu silabu, m'mizati kapena mu lintala, ngakhale mutachulutsa matumba chotani.

Mankhwala a m'chigubu

Tsopano tibwerere ku silabu yathu ya 32.5N, koma folomani wabwera ndi chigubu cha mankhwala ofewetsa konkire, amene amisiri amawatcha pulasitisaiza. Timbewu ta simenti tikakumana ndi madzi timakonda kuunjikana m'timagulu, ndipo timagulu timeneti timatsekera madzi mkati mwake. Mankhwalawa amamatirira pa kambewu kalikonse nkuchititsa kuti tizikankhana, timagulu timamasuka, madzi otsekeredwa aja amatuluka kukagwira ntchito yofewetsa. Ofewetsa wamba amayenera kuchepetsa madzi ndi magawo osachepera 5 pa 100, ndipo ambiri amafika cha pa 10. Amphamvu, otchedwa supapulasitisaiza, amayambira pa 12 ndipo ena amapitirira 25.

Phindu limeneli mungalidye m'njira imodzi mwa zitatu, ndipo muyenera kusankha musanayambe. Mukhoza kusiya madzi ndi simenti momwe zilili kuti konkire ifewe kwambiri, zomwe zimathandiza m'mizati yothinana zitsulo. Mukhoza kuchotsa madzi nkusiya simenti, kuti mphamvu ikwere. Kapena mukhoza kuchotsa madzi ndi simenti pamodzi, kufewa ndi mphamvu nkukhala momwe zinalili, ndalama nkutsala m'thumba. Wogulitsa amatchula zitatu zonsezi mpweya umodzi, ndipo sakunama, koma sizibwera zonse zathunthu mu wilibala imodzi. Amene amachotsa thumba la simenti poti wathira mankhwala, madzi nkuwasiya omwewo kuti konkire iziyenda yokha, wangokweza madzi pa thumba lililonse ndipo wafooketsa silabu yake ndi ndalama zake zomwe.

Titenge njira yachitatu. Mankhwala akuchotsa magawo 10 pa 100 a madzi, ndiye malita 210 atsika kufika 189. Tikusungabe 0.5, choncho simenti ndi makilogalamu 378, pafupifupi matumba 7.6. Pa silabu yonse ndi matumba 46 m'malo mwa 51. Koma taonani dzenje limene latsala: malita 21 a madzi achoka, ndipo simenti yochotsedwayo yasiya malita 14. Malita 35 amenewa ayenera kudzazidwa, ndipo mchenga ukukwera kuchoka pa makilogalamu 640 kufika cha pa 730. Mukaiwala zimenezi, mtanda uliwonse umatuluka wocheperapo, ndipo pa makiyubiki mita 6 mupeza kuti mwaperewera malita 210, mawilibala atatu ndi kanthu. Konkire imathera pakona ya silabu dzuwa likulowa, hadiweya atatseka, ndipo chigamba cha mawa lake chimasiya msoko wofooka pamene madzi adzadutsire.

Pa thumba limodzi madzi akadali malita 25, chifukwa 0.5 sinasinthe. Chimene chasintha ndi chakuti thumbalo tsopano likusenza mchenga ndi kwale wochulukirapo: mchenga pafupifupi ndowa zitatu ndi kachigawo, kwale ndowa zinayi ndi theka. Anyamata ozolowera amaona ngati mwauma kwambiri poyamba kusakaniza, ndipo dzanja limathamangira ku ndowa ya madzi. Auzeni adikire. Mankhwala amafuna mphindi zingapo za kusakaniza kuti ayambe kuoneka ntchito yake.

Muyezo wa mankhwalawo umawerengeredwa pa kulemera kwa simenti, osati pa madzi kapena pa kukula kwa silabu. Tiyerekeze kuti pa chigubu palembedwa theka la lita pa makilogalamu 100 a simenti. Ndiye kuti thumba limodzi ndi mamililita 250, kiyubiki mita ya makilogalamu 378 ndi malita 1.9, ndipo silabu yonse ndi malita 11 ndi pang'ono. Simenti ikasintha kuchuluka, mankhwala asinthenso. Simenti ikasintha mtundu, yesaninso, chifukwa mankhwala omwewo sachita mofanana ndi simenti zonse: imene ili ndi phulusa la malasha ndi imene ili ndi laimu wopera zimayankha mosiyana. Werengani chigubu chanu, chifukwa ena amalemba malita, ena makilogalamu, ndipo lita ya mankhwalawa imalemera kuposa lita ya madzi. Mankhwala amadzi akapitirira malita atatu pa kiyubiki mita, madzi ake nawonso amawerengeredwa pa madzi onse aja.

Mamililita 250 si chinthu choyeza ndi diso. Dulani botolo la pulasitiki, lembani mzere pamene pafika muyezo, ndipo munthu mmodzi yekha ndiye azithira tsiku lonse. Mankhwala asungunulidwe m'madzi osakanizira, makamaka m'gawo lomaliza la madziwo, asathiridwe pa simenti youma. Kunena zoona, pa konkire yosakaniza ndi mafosholo pansi mankhwalawa savuta kuwononga kusiyana ndi kuthandiza, chifukwa safalikira mofanana: mbali ina imalandira kawiri, ina osalandira konse. Amafuna makina osakanizira.

Kupyoza muyezo kumadziwika ndi zizindikiro zake. Ofewetsa wamba ambiri amapangidwa kuchokera ku zotsalira za mitengo ku mafakitale a mapepala, ndipo mumakhala timashuga timene timachedwetsa simenti kugwira. Mukathira kawiri, m'mawa mwake mumapeza silabu ikadali yofewa, chala chikulowa. Nthawi zambiri imadzalimba ndithu pakapita tsiku lina kapena awiri, bola muiphimbe isaume ndipo musakhudze matabwa ndi mapolo ochirikiza. Choopsa kwambiri ndi mpweya umene mankhwala ochuluka amakokera mkati, poti gawo limodzi lililonse pa 100 la mpweya woonjezera limadya pafupifupi magawo 5 pa 100 a mphamvu. Supapulasitisaiza akachuluka, kwale amamira pansi, pamwamba pamayandama madzi otuwa ndi thovu, ndipo mukakankha wilibala mamita ochepa mupeza miyala yagwirana pansi moti fosholo ikukanika kulowa.

Mankhwala ena sasintha muyezo kwenikweni koma amasintha nthawi. Ochedwetsa kugwira amathandiza m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, makamaka m'madera ngati Chikwawa ndi Nsanje kumene konkire imayamba kuuma isanafike pamalo. Kutentha komweko kumafupikitsanso nthawi imene supapulasitisaiza amagwira ntchito, moti pakatha theka la ola kapena ola limodzi konkire imabwerera kuuma kwake. Yankho lake ndi kusakaniza pang'onopang'ono molingana ndi liwiro la othira, osati kuitsitsimutsa ndi madzi. Ofulumizitsa kulimba afunika kuwerenga bwino chigubu: amene ali ndi mchere wa kolorayidi amadyetsa zitsulo dzimbiri, ndipo sayenera kulowa mu konkire yokhala ndi zitsulo. Oletsa madzi kulowa, amene anthu amakonda kuthira m'matanki ndi m'maziko, si chilolezo chochepetsera simenti, ndipo sangatseke konkire imene inathiridwa madzi ambiri kapena sinatsenderedwe.

Manambala onsewa amafuna umboni, ndipo umboni wake ndi mtanda woyesera wa thumba limodzi kapena awiri, masiku angapo tsiku lothira lisanafike. Chida choyesera kufewa ndi chitini chosongoka chopanda pansi, chotalika mamilimita 300, chotambalala 200 kumunsi ndi 100 kumwamba. Mumachidzaza m'magawo atatu, gawo lililonse nkulijoba ka 25 ndi ndodo yachitsulo, kenako mumachikweza mowongoka nkuyeza mmene mulu watsikira. Pa silabu yothira ndi manja, mamilimita 75 mpaka 100 ndi abwino. Mulu ukangophwasuka nkumwazika, madzi kapena mankhwala achuluka. Ukagumuka mbali imodzi miyala nkugubuduka payokha, zosalala zaperewera, bwezerani mchenga pang'ono nkuchotsa kwale. Ukakana kutsika, musathire madzi okha: onjezerani madzi ndi simenti pamodzi, theka la lita pa kilogalamu iliyonse, kuti 0.5 isasunthe.

Pa mtanda womwewo umbani makiyubu a mamilimita 150, asungeni m'madzi, ndipo labotale yoyesa zipangizo zomangira iwaphwanye ena pa tsiku la 7, ena pa tsiku la 28. Ndi simenti ya 42.5N, zotsatira za tsiku la 7 zimakhala pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu ya tsiku la 28. Ndi 32.5N, makamaka yokhala ndi phulusa, zimakhala zotsikirapo pamenepo ndipo zimadzakwera pambuyo. Kuyesaku kumathandizanso pa chifukwa china. Lamulo limalola simenti ya 32.5 kukhala paliponse pakati pa 32.5 ndi 52.5 MPa, choncho ya fakitale ina ikhoza kuyandikira 42.5 pomwe ya fakitale ina ili cha kumunsi, ndipo thumba limene lagona miyezi m'sitolo yachinyezi mpaka kuchita mibulu yosaphwanyika ndi zala latsika kale pa nambala yake. Ndi makiyubu okha amene angakuuzeni ngati 0.5 ikukwana kapena mukhoza kumasula pang'ono. Pa silabu, mizati ndi mitanda yosenza nyumba, kusintha kulikonse kwa simenti kapena mankhwala kudutse kaye kwa injiniya amene analemba pepala lija.

Kuchedwa kwa 32.5N kumakhudzanso ndondomeko ya ntchito. Ngakhale muyezo utakonzedwa bwino kuti pa tsiku la 28 ifanane ndi 42.5N, pa sabata yoyamba imakhala ili m'mbuyo. Masiku ochotsera matabwa ndi mapolo amene anawerengeredwa 42.5N sagwiranso ntchito, ndipo m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi m'madera okwera ngati Dedza ndi Mzuzu kuchedwako kumakula. Mapolo a pansi pa silabu akhale mpaka makiyubu asonyeze kuti mphamvu yakwana, kapena mpaka injiniya avomereze, ndipo pamwamba pasaunjikidwe njerwa za khoma lotsatira nthawiyo isanafike. Kuthirira nakonso kutalike. Masiku 7 a chinyezi chosalekeza ndi poyambira chabe, ndipo simenti yokhala ndi phulusa kapena dothi la mapiri imapindula ndi masiku 10 mpaka 14, silabu itaphimbidwa ndi masaka onyowa, mchenga wonyowa kapena pepala la pulasitiki lopsinjidwa m'mbali kuti mphepo isalowe pansi.